Lipoti: kuwerengera ndalama zomwe zingalowe m'madzi pa ngongole za K600 miliyoni

Bungwe lomwe ndikufotokoza pano ndi lobwereketsa ndalama laling'ono la m'chigawo cha kummwera, losasunga ndalama za anthu. Dzina lake sinditchula. Pa 31 Disembala 2024 linali ndi K600 miliyoni m'manja mwa makasitomala. Pa ndalamazi, K420 miliyoni inali ngongole za bizinesi, za miyezi 6 mpaka 12, zobweza mwezi ndi mwezi, ndipo K180 miliyoni inali ngongole za ulimi, zoperekedwa mu Novembala n'kubwezedwa kamodzi mu Juni anthu akagulitsa zokolola. Chiwongoladzanja pa ngongole za bizinesi, tikaphatikiza ndi ndalama yolipira potenga ngongole, chimakwana pafupifupi 4 peresenti pamwezi.

Anandiitana chifukwa maodita anakana nambala imodzi. Bungweli linaika padera K18 miliyoni ngati ndalama zomwe likuyembekezera kutaya, ndiye kuti 3 peresenti ya ngongole zonse. Maodita anafunsa komwe 3 peresentiyo inachokera, popeza muyezo wa kalembedwe ka mabuku a chuma wotchedwa IFRS 9, umene unayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2018, umafuna kuti wobwereketsa awerengeretu zomwe adzataye, asadikire kuti ngongole ife kaye ngati momwe zinkakhalira pansi pa muyezo wakale wa IAS 39.

Yankho la akuluakulu a bungweli linali lakuti m'chaka cha 2024 anafufuta m'mabuku ngongole za K18 miliyoni, ndipo atagawa ndi K600 miliyoni anapeza 3 peresenti. Masamu ake ndi olondola, koma zinthu ziwiri zomwe anagawazo si za gulu limodzi. Ngongole zomwe zinafufutidwa mu 2024 zinaperekedwa kale, pamene bungweli linali ndi K360 miliyoni yokha kunja. Mukagawa K18 miliyoni ndi K360 miliyoni mumapeza 5 peresenti. Bungwe likamakula msanga, ngongole zatsopano, zomwe sizinakhale n'komwe ndi nthawi yoti zivute, zimasungunula nambala ya zakale, ndipo aliyense amaona ngati zinthu zili bwino. Komanso kufufuta ngongole ndi chiganizo cha manijala: akhoza kuchedwetsa mpaka chaka chamawa. Nambala yotere singakhale maziko a chilichonse.

Ndiye tinayambira pansi, ndi fomula yodziwika yowerengera ECL, ndalama zomwe bungwe likuyembekezera kutaya:

```
ECL = PD * LGD * EAD
```

PD ndi mwayi woti ngongole ifike polephereka. LGD ndi gawo la ngongole yolepherekayo lomwe silibwereranso ngakhale mutalonda chotani. EAD ndi ndalama zomwe kasitomala amakhala nazo tsiku lolepheralo. Kuchulukitsa kwake n'kwa mwana wa sitandade 6. Ntchito yonse ili pa kupeza manambala atatuwo kuchokera m'mabuku a bungwelo, osati m'mutu mwa munthu kapena pa fomu ya chikole.

Kulephera n'chiyani

Tisanawerenge kalikonse tinayenera kugwirizana kuti ngongole yolephereka ndi iti. IFRS 9 imayamba ndi masiku 90 ochedwa, ndipo imalola wobwereketsa kusintha ngati ali ndi umboni. Tinasunga masiku 90. Tinawonjezerapo kasitomala amene wathawa kapena wamwalira popanda inshulansi yomulipirira, ndi chinthu china chomwe chinadzetsa mkangano: ngongole yomwe yatsekedwa ndi ngongole ina yatsopano itachedwa kale masiku oposa 60.

Maofesala a ngongole amati kumeneku ndi "kumupatsa mpweya" kasitomala. Mayi wogulitsa zitenje akachedwa miyezi iwiri, ofesala amamulembera ngongole ina, ndalama yatsopanoyo n'kubweza yakale, ndipo pa kompyuta masiku ochedwa amabwerera pa 0. Mayiyo sanabweretse ngakhale tambala. Nthawi zina amachita izi mwachifundo, koma tisabise, bonasi ya ofesala imadalira kuchepa kwa ngongole zochedwa. Kuzipeza si kovuta: tinafufuza makasitomala onse amene ngongole yawo yakale inatsekedwa tsiku lomwelo lomwe yatsopano inatsegulidwa, kenako tinayang'ana kuti yakaleyo inali itachedwa masiku angati dzulo lake.

PD: kutsatira gulu limodzi mpaka mapeto

Njira yake ndi yotenga ngongole zonse zomwe zinali zamoyo tsiku limodzi, n'kuzitsatira zokhazo, osalola zatsopano kulowerera. Pa 1 Januwale 2024 panali ngongole za bizinesi 800 zomwe zinali zosachedwa kapena zochedwa masiku osapitirira 30. Pofika kumapeto kwa chaka, kompyuta inkaonetsa kuti 48 mwa izo zinafika masiku 90, ndiye kuti 6 peresenti. Titawonjezera 24 zomwe zinapatsidwa mpweya zija, zinakwana 72, kapena kuti 9 peresenti. Gawo limodzi mwa magawo atatu a ngongole zolephereka linali losaoneka.

Chaka chimodzi sichokwanira, choncho tinabwereza zomwezo pa magulu a 2022 ndi 2023. Gulu la 2022 linapereka 7 peresenti. La 2023, chaka cha namondwe wa Freddy amene anagwa mu Malichi, komanso chaka chomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala, linapereka 11 peresenti. Pakati pa zaka zitatuzi pali 9 peresenti, ndipo ndi yomwe tinagwiritsa ntchito. Manijala wamkulu anapempha kuti 2023 tiichotse chifukwa sichinali chaka wamba. Ndinakana. Kummwera kuno, chaka cha madzi osefukira kapena ng'amba chimabwera kawirikawiri moti wobwereketsa ayenera kuchiwerengera ngati gawo la bizinesi. Mukachotsa zaka zoipa, mwawerengera dziko lina.

IFRS 9 imagawa ngongole m'magawo atatu. Gawo loyamba ndi la ngongole zomwe sizinasinthe kwenikweni chiperekedwere, ndipo mumawerengera kulephera kwa miyezi 12 ikubwerayo. Gawo lachiwiri ndi la zomwe chiopsezo chake chakwera kwambiri, chizindikiro chomaliza chikhala kuchedwa kopitirira masiku 30, ndipo mumawerengera moyo wonse wa ngongoleyo. Gawo lachitatu ndi la zolephereka kale. Ku mabanki obwereketsa za zaka zisanu, kusiyana kwa miyezi 12 ndi moyo wonse n'kwakukulu ndipo kumafuna masamu ambiri. Kuno ayi, chifukwa palibe ngongole yopitirira miyezi 12, ndiye nthawi ziwirizo ndi imodzi. Magawowo amafunikabe pa chifukwa china: munthu amene wachedwa kale mwezi wathunthu si wofanana ndi amene sanachedwepo. Pa ngongole 100 zomwe zinali zochedwa masiku 31 mpaka 90 pa 1 Januwale 2024, 45 zinafika polephereka. PD ya gawo lachiwiri inakhala 45 peresenti, kuwirikiza kasanu ya gawo loyamba.

Tinawerenganso magulu omwewa ndi kuchuluka kwa ndalama m'malo mwa chiwerengero cha ngongole, kuti tione ngati ngongole zikuluzikulu zimalephereka mosiyana ndi zing'onozing'ono. Kusiyana kwake kunali kochepa, ndiye tinasiya choncho. Kukanakhala kwakukulu, tikanagawa makasitomala m'magulu awiri.

LGD: chikole cha papepala ndi ndalama za m'thumba

Apa ndi pomwe panali dzenje lalikulu, ndipo ndi pomwe tinakhalitsa. Akuluakulu ankakhulupirira kuti ngongole ikalephereka amataya 30 peresenti yokha, chifukwa lamulo lawo limafuna chikole chamtengo woposa ngongole ndi theka. Pa fomu zimaonekadi choncho. Koma chikole chake ndi firiji, wailesi ya kanema, mipando ya pabalaza, makina osokera, nthawi zina njinga yamoto, ndipo mtengo wolembedwawo ndi womwe kasitomala ananena kuti anagulira.

Tengani fayilo imodzi mwa omwe ndinatsegula. Bambo wa gulosale analephera ali ndi K300,000. Chikole chinali firiji yolembedwa K450,000. Panatenga miyezi 9 kuti firijiyo itengedwe ndi kugulitsidwa, chifukwa poyamba anaisamutsira kwa mlamu wake, ndipo itapezeka mphira wa pachitseko unali utatha. Inagulidwa K170,000. Galimoto yonyamula ndi malo osungira zinadya K40,000, kutsala K130,000. Koma K130,000 yobwera patatha miyezi 9 si yofanana ndi K130,000 ya lero. Muyezo umati ndalama zobwera mochedwa zitsitsidwe ndi chiwongoladzanja chenicheni cha ngongoleyo, chomwe pano ndi 4 peresenti pamwezi:

```
=130000/(1+0.04)^9
```

Yankho ndi pafupifupi K91,000. Pa K300,000 bungwe linataya 70 peresenti, pa ngongole yomwe fomu inkati ndi yotetezedwa mokwanira.

Ena mu bodi anati kutsitsaku ndi masewera a akauntanti, popeza ndalama inabwera ndithu. Koma bungweli limabwereka mpamba wake kwina ndipo limalipira chiwongoladzanja mwezi uliwonse. K130,000 ija ikanabwera nthawi yake ikanabwereketsedwa kwa wina n'kubala. Wobwereketsa wa chiwongoladzanja chokwera ndi amene kuchedwa kumamupweteka kwambiri. Pa 4 peresenti pamwezi, ndalama imataya theka la mtengo wake pa miyezi pafupifupi 18.

Fayilo imodzi si umboni, choncho tinatenga ngongole zonse 150 zomwe zinalephereka mu 2022 ndi m'miyezi 6 yoyamba ya 2023. Tinasankha zimenezi dala, chifukwa iliyonse inali itakhala ndi miyezi 18 yolondedwa. Mukatenga zolephereka posachedwa, LGD imakwera monama popeza ndalama zina zikadali m'njira. Tsiku lolephera, ngongole 150 zija zinali ndi K60 miliyoni. Tinalondola malisiti onse, a ku kaunta, a ku banki ndi a pa foni, ndipo tinapeza kuti m'miyezi 6 yoyamba munabwera K15 miliyoni, m'miyezi 6 yotsatira K9 miliyoni, ndipo m'miyezi 6 yomaliza K3 miliyoni yokha. Zonse pamodzi ndi K27 miliyoni, kapena 45 peresenti. Tisanatsitse kalikonse, 30 peresenti ya akuluakulu ija inali itagwa kale, popeza zotayika zinali 55.

Potsitsa tinaika ndalama za chigawo chilichonse pakati pa chigawocho, mwezi wa 3, wa 9 ndi wa 15. K15 miliyoni inakhala K13.3 miliyoni, K9 miliyoni inakhala K6.3 miliyoni, K3 miliyoni inakhala K1.7 miliyoni, zonse K21.3 miliyoni. Ndalama zolondera, monga mafuta, zolipira ku khoti, ogulitsa katundu pa okushoni ndi malo osungira, zinali K3 miliyoni, zomwe titazitsitsa zinakhala K2.4 miliyoni. Malipiro a maofesala sitinawaphatikize, chifukwa akanalipidwabe ngakhale ngongolezo zikanapanda kuvuta. Chotsala ndi pafupifupi K19 miliyoni pa K60 miliyoni, ndiye kuti 32 peresenti inabwerera, ndipo LGD ndi 68 peresenti.

Malisitiwo anaonetsanso chinthu chomwe palibe ankachiyembekezera. Ndalama zambiri zomwe zinabwerera sizinachokere ku kugulitsa chikole. Zinachokera kwa makasitomala eni ake ndi omwe anawasainira, m'miyezi yoyambirira, pamene ofesala anali kupitabe pakhomo. Chikole chimagwira ntchito ngati choopsezera, munthu safuna aneba aone firiji ikutuluka m'nyumba. Chikangotuluka, mphamvu yake yatha, ndipo chotsala ndi mtengo wa katundu wakale pamsika.

Popeza ndalama zimabwera zambiri koyambirira, LGD ya ngongole yomwe yakhalitsa m'gawo lachitatu singakhale 68 yomweyo. Pakatha miyezi 6, pa K45 miliyoni yotsala pamabwera K12 miliyoni, yomwe mukaitsitsa ndi kuchotsapo zolondera imasiya kutaya kwa pafupifupi 80 peresenti. Pakatha chaka, pa K36 miliyoni yotsala pamabwera K3 miliyoni, ndipo kutaya kumafika 93 peresenti. Bungwe lomwe limaika LGD imodzi pa ngongole zonse zolephereka limadzinamiza kwambiri pa zakalezo.

EAD

Pa ngongole za bizinesi funso linali losavuta: kodi munthu akamalephera amakhala ndi zingati poyerekeza ndi zomwe ali nazo lero? Ndondomeko ya kabwezedwe imati ngongole izitsika mwezi uliwonse, koma wolephera amaleka kubweza miyezi itatu tsikulo lisanafike, ndipo chiwongoladzanja chimaunjikana. Pa ngongole 72 zija, ndalama za tsiku lolephera zinali 85 peresenti ya zomwe zinalipo pa 1 Januwale. Choncho m'gawo loyamba tinatenga 85 peresenti ya ndalama zomwe zili kunja. M'gawo lachiwiri, zochepa zomwe anthu amabweza ndi chiwongoladzanja chowonjezereka zinkathetsana, ndiye tinatenga ndalama zonse momwe zilili. Chindapusa cha kuchedwa sitinachiwerenge, chifukwa bungweli limachilemba ngati phindu pokhapokha chikalipidwa.

Pa ngongole za ulimi panali K20 miliyoni yomwe sinkaoneka m'mabuku. Alimi anali atasainirana kale ndi bungwe kuti mu Januwale adzalandira gawo lachiwiri la ndalama, logulira feteleza wobereketsa, ndipo panganolo silinkapatsa bungwe njira yobwerera m'mbuyo. Lonjezo lotere limawerengedwa, choncho EAD ya ulimi inakhala K200 miliyoni osati K180 miliyoni. Wina anafunsa chifukwa chomwe sitinawonjezere chiwongoladzanja chomwe chidzaunjikane pofika Juni. Tikanachiwonjezera, tikanayeneranso kutsitsa ndalamazo kuchoka mu Juni kubwerera ku Disembala ndi chiwongoladzanja chomwecho, ndipo tikanafika pomwe tinayambira.

Zotsatira pa ngongole za bizinesi

Tisanachulukitse tinasamutsa ngongole za K6 miliyoni zopatsidwa mpweya, zomwe kompyuta inkazionetsa ngati zoyera, kupita nazo m'gawo lachitatu. Zitatero manambala anakhala motere, ndalama zonse m'mamiliyoni a kwacha:

| Gawo | Zili kunja | EAD | PD | LGD | ECL |
|---|---|---|---|---|---|
| Loyamba | 350 | 297.5 | 9% | 68% | 18.2 |
| Lachiwiri | 40 | 40 | 45% | 68% | 12.2 |
| Lachitatu, miyezi 0 mpaka 6 | 14 | 14 | 100% | 68% | 9.5 |
| Lachitatu, miyezi 6 mpaka 12 | 8 | 8 | 100% | 80% | 6.4 |
| Lachitatu, kupitirira chaka | 8 | 8 | 100% | 93% | 7.4 |

Zonse zikukwana K53.8 miliyoni, pafupifupi 13 peresenti ya K420 miliyoni. Choyenera kuona n'chakuti K70 miliyoni ya magawo awiri omalizawo, gawo limodzi mwa magawo 6 a ngongole za bizinesi, ikunyamula magawo awiri mwa atatu a kutaya konse. Komanso gawo loyamba lokha, la anthu omwe lero akubweza bwinobwino, likufuna K18.2 miliyoni, ndalama yofanana ndi yomwe bungwe linaika padera pa ngongole zake zonse.

Ulimi: pomwe masiku ochedwa sanena kanthu

Pa 31 Disembala palibe mlimi ndi mmodzi yemwe amene anali atachedwa, chifukwa palibe amene tsiku lake lobweza linali litakwana. Njira ya masiku 30 ndi 90 pano ndi yakhungu mpaka Julayi. Vuto lina n'lakuti alimi salephera mmodzimmodzi ngati ochita malonda a pamsika. Mvula ikadula mu Januwale kapena Febuluwale chimanga chikumasula, mudzi wonse umalephera limodzi, ndipo amene anasainira mnzake nayenso alibe kanthu. Ndiye chaka choipa chimakweza PD ndi LGD nthawi imodzi.

Bungweli linali ndi mbiri ya nyengo zinayi zaulimi. Mwa izo, yokolola mu 2024, chaka cha ng'amba ya El Niño pamene boma linalengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, inali yoipitsitsa: alimi 30 pa 100 aliwonse analephera, ndipo pa ndalama zawo 75 peresenti sinabwerere. M'nyengo yabwino analephera 6 pa 100 ndipo kutaya kunali 50 peresenti. Nyengo ziwiri zapakati zinapereka pafupifupi 12 ndi 55.

IFRS 9 siifuna kuti musankhe chaka chimodzi chomwe mukuganiza kuti chibwera; imafuna kuti muyeze zotheka zingapo, chilichonse ndi kulemera kwake. Titamva malipoti a maofesala a kumidzi pa kameredwe ka mbewu, ndi kuona ulosi wa nthambi ya boma yoona zanyengo, tinapereka 30 peresenti ku nyengo yabwino, 50 ku yapakati ndi 20 ku yoipa.

```
=200*(0.3*0.06*0.50 + 0.5*0.12*0.55 + 0.2*0.30*0.75)
```

Yankho ndi K17.4 miliyoni. Tikanangotenga nyengo yapakati tikanapeza K13.2 miliyoni. Palinso msampha wina wobisika. Akauntanti wa bungweli poyamba anapeza PD yapakati payokha, 13.8 peresenti, ndi LGD yapakati payokha, 57.5 peresenti, kenako n'kuchulukitsa, ndipo anapeza K15.9 miliyoni. Kuchepa kwa K1.5 miliyoni kukubwera chifukwa njira imeneyo imaiwala kuti PD yaikulu ndi LGD yaikulu zimafika chaka chimodzi. Chulukitsani mkati mwa nyengo iliyonse kaye, kuphatikiza kubwere pambuyo. Mu fomula ili pamwambayi, nyengo yoipa yokha, ngakhale ili ndi kulemera kwa 20 peresenti, ikupereka K9 miliyoni, kuposa theka la yankho lonse.

Kulemera kwa 30, 50 ndi 20 si sayansi, ndi chiweruzo cha anthu, ndipo nyengo zinayi n'zochepa. Chomwe tinachita n'kulemba zifukwa zake ndi kusainitsa bodi nambala isanadziwike, kuti pasakhale kusuntha kulemerako pofuna kupeza phindu lomwe munthu akufuna. Pa chifukwa chomwechi sindinayese kulumikiza PD ya bizinesi ndi kukwera mitengo kwa zinthu kapena mphamvu ya kwacha pogwiritsa ntchito masamu a ziwerengero. Ndi manambala a zaka zitatu, mzere uliwonse womwe mungajambule umaoneka wokongola ndipo sutanthauza kanthu. Tinakambirana ngati chaka chikubweracho chikuoneka choipa kapena chabwino kuposa zitatu zija, zomwe munali kale namondwe, ng'amba ndi kugwa kwa kwacha kawiri, ndipo tinaona kuti palibe chifukwa chosunthira 9 peresenti.

Chomwe bodi inalandira

K53.8 miliyoni ndi K17.4 miliyoni zinakwana K71.2 miliyoni, pafupifupi 12 peresenti ya ngongole zonse, pamene m'mabuku munali K18 miliyoni. Kusiyana kwake, K53.2 miliyoni, kukanachotsedwa konse pa phindu la 2024, phindu la K70 miliyoni lomwe linali litalengezedwa kale kwa eni masheya likanatsika kufika K16.8 miliyoni. Gawo lina la kusiyanaku ndi la zaka zam'mbuyo, popeza ndalama yoikidwa padera inali yochepa kuyambira kale, ndipo ngati ziyenera kukonzedwa m'mabuku a zaka zimenezo pansi pa IAS 8, muyezo wa kakonzedwe ka zolakwika za m'mabuku akale, tinasiyira bungwe ndi maodita ake. Ndinakumbutsanso bodi kuti nambala iyi ndi ya mabuku a chuma. Malipoti opita ku Banki Yaikulu ya Malawi amatsata malamulo akeake a kagawidwe ka ngongole zochedwa, ndipo nambala ziwirizo sizikhala zofanana.

Mmodzi wa mamembala a bodi anafunsa funso labwino kuposa onse: kodi nambalayi ingaphonye ndi zingati? Tinaonetsa kuti PD ya gawo loyamba ikasuntha ndi 1 peresenti, yankho limasuntha ndi K2 miliyoni. LGD ya bizinesi ikasuntha ndi 5, yankho limasuntha ndi pafupifupi K3.7 miliyoni. Kulemera kwa nyengo yoipa kukachoka pa 20 kufika 30, kuchotsera ku nyengo yabwino, ulimi umakwera ndi K3.9 miliyoni. Ndiye nambala yoona ikhoza kukhala K65 miliyoni kapena K78 miliyoni, ndipo munthu wanzeru akhoza kutsutsana nane mkati mwa malire amenewo. Palibe kusuntha koyenera komwe kungaifikitse pafupi ndi K18 miliyoni.

Bodi inasintha zinthu zitatu, ndipo zonse zinachokera m'manambala omwewa. Ofesala salinso ndi mphamvu yotseka ngongole yochedwa ndi ina yatsopano. Zimadutsa kwa manijala, ndipo ngongole yotero imakhala m'gawo lachitatu mpaka kasitomala atabweza miyezi itatu yotsatizana, kenako imapita m'gawo lachiwiri, osati loyamba. Chikole tsopano chimalembedwa pa mtengo womwe chingagulidwe lero ngati katundu wakale, ndipo ofesala amajambula chithunzi chake ndi nambala yake. Ndipo anthu awiri omwe ankalonda ngongole zomwe zinatha chaka chilepherekereni anasamutsidwira ku zochedwa masiku 31 mpaka 90, komwe ngongole iliyonse yobwezeredwa m'njira imapulumutsa ndalama zenizeni, m'malo mothamangitsa 7 tambala pa kwacha.

Chinthu chimodzi sitinagwirizane. Ine ndinafuna kuti ngongole zolephereka zopitirira miyezi 18 zifufutidwe m'mabuku, popeza malisiti akuonetsa kuti pambuyo pake sipabweranso kanthu kooneka. Wapampando anakana, ati makasitomala akamva kuti ngongole zimafufutidwa aleka kubweza. Kufufuta m'mabuku sikukhululuka, bungwe likhoza kulondabe, koma bodi inaimitsa nkhaniyo. Pa phindu sizisintha zambiri chifukwa 93 peresenti yaikidwa kale padera. Chomwe chimawonongeka ndi chiwerengero cha ngongole zochedwa chomwe obwereketsa mpamba amayang'ana, chomwe chizikwera chaka ndi chaka.

Sipuredishiti yonse inatsala m'manja mwa akauntanti wa bungweli, ndi lamulo loti miyezi itatu iliyonse atenge gulu la pa 31 Disembala 2024 n'kuyerekeza zomwe zachitikadi ndi zomwe tinalosera. Tinaikiratu malire: pa ngongole pafupifupi 800, kusuntha kwa 2 peresenti mmwamba kapena pansi pa 9 kukhoza kungochitika mwamwayi, choncho PD isakhudzidwe ngati zotsatira zili pakati pa 7 ndi 11. Zikatuluka kunja kwa malirewo, ayambe wafufuza ngati vuto lili pa nthambi imodzi kapena ofesala mmodzi asanasinthe nambala ya bungwe lonse. Za ulimi aziunikanso kumapeto kwa Febuluwale, ndipo dera lililonse lomwe mbewu zapserera lisamutsidwire m'gawo lachiwiri nthawi yomweyo, ndi PD ndi LGD za nyengo yoipa, ngakhale tsiku lobweza likhale lisanakwane.